Kuwomba m'manja komwe kumatigwirira ntchito

Bizinesi yathu ndi ya anthu atatu: ine, mng'ono wanga, ndi mlamu wathu amene amasunga ndalama. Timajambula mavidiyo a maukwati, makichini pati ndi makwaya kuno ku Chipata, ndipo nthawi zina timafika ku Katete ndi ku Petauke. Tinayamba ndi kamera imodzi, koma makasitomala ankadandaula chinthu chimodzimodzi. Zithunzi zinali bwino, koma malumbiro a mkwati ndi mkwatibwi sankamveka, chifukwa maikolofoni ya pa kamera imatola chilichonse, ana olira, mphepo, njinga zamoto zodutsa pamsewu. Ndalama zoyamba zimene tinasunga tinagulira rekoda yaing'ono. Timailumikiza ku mikisa ya tchalitchi, makina amene amalandira mawu a mamaikolofoni n'kuwatumiza ku masipika, kapena kuibisa m'thumba la jekete la mkwati, kamaikolofoni kali pakolala.

Mawu anayera, koma tsopano anali m'fayilo yawoyawo. Ntchito inasanduka yowabwezera pamilomo ya eni ake.

Rekoda ndi kamera zikayamba, mng'ono wanga amaima pafupi ndi maikolofoni, pamalo poti kamera ikumuona, n'kuwomba m'manja kamodzi mwamphamvu. Manjawo amawatembenuza cham'mbali kuti pamene zikhatho zakumana paoneke. Pakompyuta kuwombako kumaoneka ngati msonga wautali pakati pa mafunde a mawu. Vidiyo ndi zithunzi zotsatizana zotchedwa mafulemu, ndiye ndimafufuza fulemu yoyamba imene zikhatho zagundana, n'kukokera msongawo pamenepo. Anthu m'tchalitchi amacheuka kudabwa kuti mnyamatayu akuombera ndani, koma abusa ambiri anatizolowera.

Pali njira yachidule. Mu DaVinci Resolve, pulogalamu yokonzera mavidiyo, mumasankha mafayilo onse awiri, n'kudina Auto Sync Audio, pulogalamuyo n'kufananiza yokha mafunde a mu rekoda ndi a mu kamera. N'chifukwa chake maikolofoni ya pa kamera sitiizimitsa ngakhale mawu ake ndi oipa, popeza popanda iyo palibe chofananizira. Njirayi ndimaigwiritsa ntchito, koma sindiikhulupirira kotheratu. Ng'oma zikamabwereza kamvekedwe kamodzimodzi, kapena holo ikakhala ya phokoso lobwerera, imasokonezeka. Ndipo ngakhale itagwira bwino, imatha kunama pa chifukwa china.

Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, pamene kuwala kumafika nthawi yomweyo. Ife timajambula mafulemu 25 pa sekondi, ndiye mamita 14 alionse amachedwetsa mawu ndi fulemu imodzi. Pa ukwati wina wa pabwalo, kamera inaima mamita ngati 40 kuchokera pa masipika. Rekoda ya pa mikisa inkalandira mawu nthawi yomwe akutuluka pakamwa, koma kamera inkawamva mochedwa ndi mafulemu atatu. Pulogalamu inalumikiza mawu abwino aja ndi mawu ochedwawo, mafunde n'kugwirizana ndithu, koma milomo ya a nkhoswe inkatsogola. Ndinabwerera pa kuwomba kuja, ndinapeza zikhatho zakumana msonga usanafike, ndipo ndinakokera mawu kumanzere mafulemu atatu. Pamene palibe kuwomba ndimayang'ana milomo pa mawu a "p", "b" ndi "m", monga "pamodzi" kapena "mbumba", chifukwa pamenepo imatsekeka ndipo diso limaona.

Vuto lina limaonekera mochedwa. Kamera ndi rekoda chilichonse chili ndi wotchi yake mkati, ndipo mawotchiwo sathamanga mofanana ndendende. Poyambira zonse zili bwino, koma pofika ulaliki wachiwiri mawu athawa. Choncho timawombanso kumapeto tisanazimitse. Tinene kuti mwambo watenga ola limodzi, ndipo pa kuwomba kwachiwiri mawu atsalira ndi mafulemu 6. Ndiye kuti akutsalira fulemu imodzi pa mphindi 10 zilizonse. Ndimadula mawu pamalo achete, monga pamene abusa akutsegula Baibulo, n'kuwasuntha fulemu imodzi, kenako n'kuchitanso chimodzimodzi patsogolo. Ena amafulumizitsa fayilo yonse pang'ono kuti ikwanire pakati pa kuwomba kuwiriko. Zimathekanso, koma ine ndimakonda kudula chifukwa ndimaona chimene ndachita.

Rekoda timaiika pa 48 kHz, mofanana ndi kamera, ndipo sitiiimitsa mpaka mwambo utatha, ngakhale kamera izime posintha batire. Kamera ikayambanso, mng'ono wanga amawombanso. Mavidiyo a pafoni amene achibale amatitumizira kuti tiwalowetsemo ndiwo amavuta kwambiri, chifukwa mafoni ambiri amasinthasintha kuchuluka kwa mafulemu, makamaka kukada. Amenewo timayamba tawadutsitsa mu pulogalamu yosinthira mavidiyo ya HandBrake, titasankha Constant Framerate kuti kuchuluka kwa mafulemu kusamasinthe, ndipo mlamu anaikapo kamtengo kapadera pa ntchito imeneyo.