Nditatera ku OR Tambo sitima itaweruka kale

Ndege yathu inayenera kutera madzulo dzuwa likadalipo, koma inachedwa kunyamuka, ndiye tinafika ku bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni cha m'ma 10 koloko usiku. Mmene ankandidindira pasipoti n'kutenga chikwama changa, nthawi inali itadutsa 11. Alamu anga amene ndimafikira kwawo ku Braamfontein alibe galimoto, ndipo pulani yathu inali yoti ndikwere sitima ya Gautrain mpaka ku Sandton, ulendo wa mphindi 15 zokha, kenako ndisinthe n'kukwera ina yopita ku siteshoni ya Park, kufupi ndi kwawoko. Koma sitimayi siyenda usiku wonse. Ikamakwana 9 koloko imakhala ikuweruka, ndipo imayambanso m'bandakucha.

Nditangotulukira pamene anthu amadikirira alendo, bambo wina wovala bwino anandiyandikira n'kugwira chikwama changa, akuti galimoto ili panja pomwepa. Ndinakana mwaulemu osaima. Alamu anali atandilangiza kale: "Alamu, aliyense wokutsatani yekha kuti mukwere yake, musamumvere, ngakhale akuonetseni foni kuti ndi wa pulogalamu yoitanira galimoto ngati Uber. Galimoto muziitana nokha." Chifukwa chake n'chosavuta. Ulendo umene mwaitana pa foni umalembedwa, dzina la dalaivala, nambala ya galimoto ndi njira yonse. Wa munthu wokukokani pakhomo sulembedwa paliponse, ndipo mtengo mumakaumva mutafika, chikwama chili m'buti mwake.

Ndinakhala pampando mkati momwemo n'kulumikiza foni pa intaneti yaulere ya pabwalopo. Apa pali msampha umene ambiri sauganizira. Intaneti imeneyi imathera pakhomo, choncho mukangonyamuka foni imakhala chete. Ine chinandipulumutsa n'choti ndinali ndi simu ya ku Joni ya ulendo wapitawo, ndipo alamu anandigulira bandulo ali kunyumba. Ngati mulibe, musadalire kukagula pabwalopo usiku ngati umenewo, chifukwa simu ya kuno imafunika kulembetsa ndi pasipoti ndipo mashopu akhoza kukhala atatseka. Pulogalamunso muziyikiratu muli kumudzi, poti polembetsa imatumiza nambala yachinsinsi ku foni yanu.

Ndinayerekeza Uber ndi Bolt n'kusankha imene inandionetsa marandi 340. Kuchokera kubwaloli, lomwe lili ku Kempton Park, kukafika pakati pa mzinda ndi makilomita opitirira pang'ono 20. Sitima ya kubwalo la ndege nayo si yotchipa, imadutsa marandi 200 munthu mmodzi, moti mukakhala awiri galimoto imatha kutsika mtengo kuposa sitimayo, n'kukakusiyani pakhomo penipeni.

Pulogalamu inandiuza pokadikirira, ndipo ndinatsata zikwangwani mpaka pamenepo. Galimoto itafika sindinathamangire chitseko. Ndinayamba ndawerenga nambala yake kumbuyo, chilembo ndi chilembo mpaka GP wa kumapeto, n'kuyang'ana nkhope ya dalaivala ngati ikufanana ndi ya pa foni. Kenako ndinamusiya kuti atchule yekha dzina langa. Mukayamba ndinu kufunsa kuti "Kodi mwabwerera uje?", aliyense amavomera. Dalaivala akakupemphani kuti mufafanize ulendowo pa foni mungomupatsa ndalama pamanja, tsikani, chifukwa pamenepo mwabwereranso kwa bambo wa pakhomo uja.

Ndalama sindinasinthe pabwalopo. Nkhani za achifwamba otsatira alendo kuchokera ku OR Tambo n'kukawatchingira pageti si zachilendo ku Joni, ndipo munthu wowerenga ndalama poyera amadziitanira maso. Ndinali ndi marandi ochepa m'thumba la malaya, pasipoti m'kathumba kamkati, osati m'chikwama cha m'buti.

Tili pa msewu wa R24 ndinatumiza ulendowo kwa alamu kuti azitiona pa mapu. Mawindo otseka, foni pansi pamwendo, makamaka tikaima pamaloboti. Koma malo oopsa kwenikweni ndi pofikira, mphindi zija zimene munthu waima pamsewu ndi chikwama akuimba foni kuti amutsegulire. N'chifukwa chake kutatsala mphindi zisanu ndinawaimbira, ndipo tinawapeza ali kale pansi ndi mlonda, geti lili pululu. Kutsika ndi kulowa sizinatenge ngakhale mphindi imodzi.

Pakanakhala kuti palibe wonditsegulira, sindikanachoka pabwalopo. Ndikanakhala mkati mowala, pafupi ndi apolisi ndi apaulendo anzanga, chikwama pakati pa miyendo, n'kudikira sitima yoyamba. Komatu jekete lisakhale pansi pa chikwama, chifukwa mu Juni ndi Julaye kuzizira kwa kuno kumaposa kwa ku Dedza.