Musanalowe banki mkhonde, pemphani kaundula wa ngongole

Anzanga, gulu likakukopani ndi phindu, musathamangire kuponya masheya. Yambani mwapempha kaundula wa ngongole. Tiyerekeze kuti mamembala asonkha K1,000,000, m'bokosi muli K100,000, ndipo K900,000 ili kunja. Funsani kuti ili kwa ndani. Ngati K600,000 ili kwa wapampando ndi msungichuma, ndipo mwezi uliwonse amangopereka chiwongoladzanja osabweza ngongole yeniyeniyo, ine sindingaikemo ndalama zanga. Phindu lolembedwalo silingagawike, chifukwa anthu awiriwa akalephera kubweza, tsiku logawana mudzalandira malonjezo okhaokha. Zimandiwawa kwambiri chifukwa amene amaluza ndi osunga mokhulupirika aja. Onaninso ngati ndalama zimawerengedwa pamaso pa onse, komanso ngati makiyi a bokosi ali ndi anthu atatu osiyana.