Peji yanga ya zophikaphika: pomwe ndafika pa nkhani ya nthawi yotulutsira mapositi

Mwezi uno sindinaphike zatsopano zambiri, kupatula chigumu cha nthochi chija ndi nkhwani wotendera, mphamvu zanga zambiri zapita pa kukonza nthawi yomwe mapositi azituluka. Peji itayamba anthu anali a konkuno, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, ena a ku Chipata ndi ku Tete, koma pano makomenti ambiri akuchokera kwa abale athu a ku Joni, ku Mangalande, ku Amereka ndi ena ochepa a ku Dubai, ndiye ukati "laivi 8 koloko usiku" mafunso amangobwera kuti 8 koloko yake ya kuti asisi.

Chomwe ndakhazikika nacho n'chakuti nthawi ya ku Malawi ndiye nsanamira, zina zonse ndiziwerengera kuchokera pamenepo, chifukwa wotchi yathu siisuntha chaka chonse. Tili maola awiri patsogolo pa nthawi yomwe dziko lonse limayezerapo, pafoni amalemba GMT+2, ndipo Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa tonse tili pamodzi, palibe kuwerengera. Tanzania ndi Kenya ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri, ndipo nawonso sasintha. Osinthasintha ndi a ku Mangalande ndi a ku Amereka, ndipo chovuta chake n'chakuti sasintha tsiku limodzi.

Ku Mangalande ndi ku Ireland amapititsa wotchi patsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kuibweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Ndiye kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala ife timakhala patsogolo pawo ndi ola limodzi lokha, miyezi inayo ndi maola awiri. Ku Amereka amayambirira, iwo ndi Lamulungu lachiwiri la Malichi, n'kudzabweza Lamulungu loyamba la Novembala. New York nthawi yawo yozizira ili mmbuyo mwathu ndi maola 7, yotentha maola 6, Texas mbali yaikulu muonjezerepo ola lina. Mu 2026 masiku ake ndi 8 Malichi ku Amereka, 29 Malichi ku Mangalande, kenako 25 Okutobala ku Mangalande ndi 1 Novembala ku Amereka, ndawalemba ndi cholembera chofiira pakalendala ya kukhitchini pambali pa shelefu ya ndiwo zouma ija kuti ndiziwaona ndikamatenga mchere.

Titenge laivi yanga ya Lamulungu, 8 koloko usiku ya kuno. Mu Febuluwale ku London imakhala 6 koloko madzulo, ku New York 1 koloko masana, ku Dubai 10 koloko usiku. Pofika pa 8 Malichi ine sindinasinthe kanthu, London ikadali pa 6, koma wa ku New York tsopano aipeza 2 koloko. Pakadutsa masabata atatu, pa 29 Malichi, London nayo yafika pa 7. Masabata atatu apakatiwo ndi pomwe munthu yemwe anangoloweza kuti London ndi New York amasiyana maola asanu amasokonekera, chifukwa nthawi imeneyo amasiyana anayi okha, ndipo zimabweranso kwa sabata imodzi kumapeto kwa Okutobala. Chizindikiro choti wotchi yakuthawani n'chosavuta kuona, anthu a dziko limodzi lokha amayamba kulowa laivi ikutha kapena kulemba kuti "tadikira ola lathunthu simunabwere", pomwe ena onse afika bwinobwino.

Matebulo anga ndimasunga mu Google Sheets, danga loyamba nthawi ya kuno, madanga enawo mizinda. Ukangochotsa maola mwachindunji, nthawi ikadumpha pakati pa usiku kubwerera dzulo zimatuluka zosamveka, ndiye fomula yomwe ikugwira ndi iyi, A2 ndi nthawi ya ku Malawi, B1 ndi maola osiyana, mwachitsanzo -7 ya New York kapena 2 ya Dubai:

```
=MOD($A2+B$1/24,1)
```

Dangalo muliuze kuti lizionetsa ngati nthawi. Tsiku losintha wotchi likafika ndimangosintha nambala imodzi pamwamba paja, -2 ya London kukhala -1, mzere onse umakonzeka wokha. Koma fomulayi siikuuzani kuti tsiku lasintha, imeneyo muziiona nokha. Positi ya Lolemba 6 koloko m'mawa kuno, ku New York mu Januwale ikadali 11 koloko usiku wa Lamulungu, ndiye ndasiya kuyamba ndi "mwadzuka bwanji" kapena kulemba "lero" ndi "mawa" pa zolengeza, ndimalemba tsiku lenileni, deti yake, ndi nthawi zitatu pamzere umodzi, ya Malawi ndi Joni, ya London, ya New York. Wa ku Texas kapena ku Perth amadziwa kale kuwerengera kuchokera pamenepo.

Pali msuweni wanga ali ku Leeds amandithandiza kuika mapositi netiweki ikavuta kuno. Mu Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera mapeji a Facebook, ukasankha `Schedule` nthawi yomwe ukuika ndi ya komwe foni kapena laputopu yako yaikidwa, ndiye iye akaika 7 koloko ndi 7 ya ku Leeds, kuno ituluka 8 kapena 9 kutengera mwezi. Tinagwirizana kuti ine ndizimutumizira nthawi yotembenuza kale ya kwawoko, kenako ine ndikatsegula `Planner` kuno ndione ngati yaima pa ola lomwe ndimafuna. Ndipo positi yomwe idzatuluke litadutsa tsiku losintha wotchi ndimaika ndekha kuchokera kuno, popeza kwathu kulibe chosuntha. Pafoni onetsetsani kuti dera la nthawi ndi lolondola, mafoni ena amalemba Blantyre ena Maputo kapena Harare, zonsezo n'chimodzimodzi, koma foni yomwe mwaitanitsa kunja n'kuikonza maola ndi manja osasintha dera, wotchi yake imaoneka yolondola pamaso pomwe mkati ikuganiza kuti ili dziko lina, ndipo positi imatha kutuluka pa nthawi ina.

Zimenezo ndi masamu chabe, zikakonzedwa zakonzedwa. Gawo lomwe landitengera nthawi ndi la kakhalidwe ka anthu, chifukwa wotchi ikhoza kufanana koma tsiku la munthu n'kusiyana. Kuno dzuwa limatuluka cha m'ma 5 kapena 6 n'kulowa cha m'ma 6 pafupifupi chaka chonse, anthu timalawirira, pofika hafu 5 mayi wayatsa kale mbaula, wina ali pa siteji kudikira minibasi, ndipo foni amaigwira bwino madzulo nsima ikadyedwa, kuyambira 7 mpaka cha m'ma 9, kenako tulo. Ku Cape Town wotchi ndi yomweyi koma mu Juni kumacha cha m'ma 8 koloko, mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 8 usiku, ndipo abale ambiri omwe amandilembera ali m'maresitanti, m'mashopu, m'nyumba za mabwana, amaweruka mochedwa n'kukwera takisi ulendo wautali, makomenti awo ndimawaona akubwera cha m'ma 9 mpaka 10 pomwe a kuno ayamba kuzimiririka. A ku Mangalande omwe amakomenta kwambiri ndi ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, mashifiti a maola 12, ena 8 m'mawa mpaka 8 usiku, ena usiku onse. Mayi wina anandilembera kuti "achemwali, ine zitumbuwa zanu ndimazionera pa buleki 3 koloko usiku, kunja kukuzizira, mpaka fungo la mafuta ndimalimva", ndipo uthenga umenewo ndi womwe unandichititsa kusiya kusaka ola limodzi lokomera aliyense, kulibe ola limenelo.

Ndiye pano ndagawa pawiri. Zinthu zomwe munthu angazipeze nthawi iliyonse, monga kaphikidwe kolemba, zithunzi, kavidiyo kakafupi, zimatuluka hafu 7 usiku nthawi ya kuno. A kuno ali pafoni ndipo ndi omwe amayambitsa makomenti, a ku Joni amaipeza ikadali yotentha akamafika kunyumba, ku London ili hafu 5 kapena hafu 6, ku New York ndi nthawi ya nkhomaliro kapena kungopitirira pang'ono. Ola loyambalo ndimafuna ndikhalepo ndekha kuyankha, chifukwa funso ngati "soda ndithire wochuluka bwanji" likakhala osayankhidwa mpaka mawa munthu uja waphika kale kapena wasiya. Ichi n'chifukwa chake sindiika positi yoti ituluke 2 koloko usiku kuno pofuna kusangalatsa a ku Amereka madzulo awo, ituluka inde koma mwini wake ndili mtulo. M'malo mwake m'mawa cha m'ma 6 ndimaikanso chithunzi chomwecho pa WhatsApp `Status`, chimakhala maola 24 ndiye aliyense chimamupeza pa nthawi yake, ndipo ndimayankha makomenti omwe agwa usiku kuchokera kwa a mashifiti aja.

Laivi ndiye ilibe chifundo, munthu alipo kapena palibe. Lamulungu 8 koloko usiku ikukomera ambiri, a kuno abwera kutchalitchi kalekale, a ku Amereka angotuluka kumene, koma ikupweteka a ku Dubai chifukwa kwawo ndi 10 koloko ndipo m'mawa mwake ndi Lolemba la ntchito, kuchokera mu 2022 wikendi kumeneko ndi Loweruka ndi Lamulungu ngati kwathu. A ku Perth ndiye ili 2 koloko usiku, palibe chomwe ndingachite pa tsiku limenelo. Maganizo anga ndi oti laivi imodzi pamwezi ndiziichita Loweruka 2 koloko masana, Dubai 4 koloko madzulo, Perth 8 koloko usiku, London 12 kapena 1 koloko masana, New York 7 kapena 8 m'mawa. Si nthawi yabwino kwa a kuno, Loweruka masana kumakhala maukwati, zinkhoswe ndi msika, ndikudziwa kuti manambala adzatsika, komabe anthu omwe akhala akungoonera zojambulidwa kale nawonso akuyenera kufunsa funso ine ndili pamoto n'kuwayankha pompo. Kuwala kwa masana kudzandithandizanso, sindidzadera nkhawa zoti magetsi athima mpoto uli pakati.

Kwa omwe amafuna chikumbutso ndayamba kutumiza kayitanidwe ka Google Calendar, ndimaika nthawi ya kuno ndipo kwa iwo kamaoneka pa nthawi ya kwawo kokha, ngakhale sabata yosintha wotchi. Laivi ya Loweruka yoyamba tidzaphika kondowole, ufa wake ndaitanitsa kale ku Nkhata Bay, ndipo amene muli ku Canada kapena ku Sydney lembani mzinda wanu ndi nthawi yomwe mumaweruka kuti ndikuonjezereni patebulo paja.