Tisanatsutse msonkho wa K1,350,000, tinayamba tafunsa kumene unachokera

Ine ndi achimwene anga timagula mbatata ya kachewere kwa alimi a ku Bembeke ndi ku Lizulu, n'kumaiperekera ku sukulu zogonera komweko ndi malo odyera angapo a pa boma la Dedza. Tinayamba ndi matumba ochepa m'mbali mwa msewu wa M1, koma pamene sukulu zinayamba kufuna mapepala tisanapatsidwe oda, tinalembetsa kampani n'kutenga nambala yake ya msonkho, ija imatchedwa TPIN. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse timapereka lipoti la ndalama zimene talowetsa ndi zimene tawononga, ndipo msonkho wa kampani umawerengedwa pa 30 peresenti ya phindu.

Chaka china, patapita miyezi ingapo tilipereke lipotilo, tinalandira chidziwitso chochokera ku bungwe lotolera msonkho la MRA chakuti msonkho wathu wawerengedwanso ndipo tiyenera kuwonjezera K1,350,000. Achimwene atangoona chiwerengerocho anakhulupirira kuti akudziwa gwero lake. M'chaka chimenecho tinali titabwereka K4,500,000 kwa amalume athu kuti tigulire mbatata yambiri nthawi yokolola, ndalamazo zinalowa mu akaunti ya kampani, ndipo 30 peresenti ya K4,500,000 ndi K1,350,000 ndendende. “Mlongo, awerenga ngongole ya amalume ngati malonda,” anatero, ndipo usiku womwewo anayamba kulemba kalata yotsutsa. Kunena zoona, nanenso ndinaona ngati masamuwo akugwirizana kwambiri moti sipangakhale chifukwa china.

Amene anatiimitsa ndi mayi wina wodziwa zowerengera ndalama amene amatithandiza kukonza mabuku kumapeto kwa chaka. Iwo anatifunsa ngati pa chidziwitsocho panali mawu alionse onena za ngongole, ndipo titawerenganso tinapeza kuti panalibe. Panali chaka, chiwerengero chakale, chatsopano ndi kusiyana kwake. Anatifotokozera kuti munthu akamatsutsa chigamulo cha msonkho amayenera kutchula zifukwa zake m'kalata, ndipo udindo wosonyeza kuti chiwerengerocho n'cholakwika umakhala pa iye wotsutsayo. Ngati titsutsa za ngongole pamene nkhani ili pena, akuluakulu adzangoyankha kuti ngongoleyo sanaikhudze, chiwerengero chidzakhala chomwecho, ndipo masiku athu adzakhala atapita.

Choncho tinalemba kalata ina, ya tsamba limodzi, yopempha zifukwa. Pamwamba tinaika dzina la kampani, TPIN, nambala ya chidziwitso, chaka cha msonkho ndi tsiku limene tinachilandira. M'kati tinapempha kuti atisonyeze mzere uliwonse wa lipoti lathu umene unasinthidwa pamodzi ndi kuchuluka kwake, gawo la lamulo limene anatsatira posintha, ndiponso mapepala amene anaona kapena amene anawasowa. Tinafunsanso ngati m'chiwerengerocho munali chindapusa kapena chiwongoladzanja. Sitinatchulemo ngongole ya amalume ngakhale pang'ono, chifukwa kalata yofunsa si malo odzitetezera pa mlandu umene sunauzidwe, ndipo tinamaliza ndi chiganizo chonena kuti kalatayi si yotsutsa koma tikusunga ufulu wathu wodzatsutsa. Ndinapita nayo ndekha ku ofesi ya msonkho ndi makope awiri, n'kupempha kuti imodzi aidinde chidindo cha tsikulo kuti ndibwerere nayo. Achimwene ankafuna kungoimba foni kwa munthu amene amamudziwa kumeneko, koma zolankhula pa foni sungazilumikize ku kalata, ndiponso mawa mwini wake akhoza kuzikumbukira mosiyana.

Chimene tinasamala nacho koposa ndi masiku. Lamulo loyendetsera misonkho la 2021 limapereka masiku 30 oti munthu atsutse chigamulo kwa mkulu wa bungwe la MRA kuchokera pamene wadziwitsidwa, ndipo ife sitinadalire kuti kalata yofunsa ingaimitse masikuwo. Tinaipereka pa tsiku lachitatu kuchokera pamene tinalandira chidziwitsocho, n'kulemba pa kalendala kuti likafika tsiku la 22 tisanayankhidwe, tidzalemba kalata yotsutsa ndi zimene tili nazo, n'kunenamo kuti tinapempha zifukwa pa tsiku lakuti ndipo tikuziyembekezera. Yankho linabwera patatha masiku 12.

Za ngongole munalibemo. Chiwerengerocho chinali ndi mbali ziwiri zosagwirizana n'komwe, zimene zinangopezeka kuti zikaphatikizidwa zikufanana ndi masamu a achimwene. Mbali yoyamba inali ndalama zonyamulira katundu, K3,000,000, zimene tinazichotsa pa phindu koma zinakanidwa chifukwa panalibe malisiti, ndipo msonkho wake unali K900,000. Mbali yachiwiri inali K450,000 ya msonkho wodulidwiratu. Sukulu ikatilipira imadula 3 peresenti n'kuipereka ku boma m'dzina lathu, kenaka imatipatsa satifiketi, ndipo ndalama zodulidwazo zimachotsedwa pa msonkho wathu wa pachaka. Sukulu ina inatigula mbatata ya K15,000,000 n'kudula K450,000, koma yankholo linati pa TPIN ya kampani ndalama zimenezo sizikuoneka.

Mbali yachiwiriyi inatitengera tsiku limodzi lokha. Titatulutsa masatifiketi tinaona kuti kalaliki wa pa sukulupo analemba TPIN yanga yakale, ya nthawi imene ndinkagulitsa m'dzina langa, ndipo ife tinangowaika m'fayilo osawawerenga. Sukuluyo inatilembera kalata yovomera kulakwitsako, ndipo inapempha kuti zikonzedwe.

Ya mayendedwe ndi imene inatikhazika pansi. Tinatenga buku lathu n'kuyamba kulekanitsa ulendo uliwonse malinga ndi umboni wake. Mwini lole amene ankatinyamulira kuchokera ku Lizulu tinkamulipira kudzera ku banki ndi pa foni, choncho masitetimenti anasonyeza K1,800,000 yokhala ndi masiku ofanana ndi a pa mapepala operekera katundu amene sukulu zinasaina. Iye anavomeranso kutilembera kalata yotsimikiza maulendowo ndi nambala ya galimoto yake. K1,200,000 yotsalayo tinalipira pamanja kwa eni ngolo ndi anyamata a kabaza amene amatulutsa matumba m'madimba kufikitsa pa msewu. Ndalamazo zinatulukadi m'thumba mwathu, ndipo zimandiwawa mpaka lero, koma chimene tinali nacho ndi manambala olemba tokha ndi bolopeni, opanda dzina kapena siginecha ya wolandira. Achimwene ankafuna kuti titsutse zonse, ati mwina zipita. Ine ndinakana, poona kuti kusakaniza zopanda umboni ndi zaumboni kukanangofooketsa kalata yonse.

Tinatsutsa pa tsiku la 24, pa mfundo ziwiri zokha: K450,000 ya msonkho wodulidwiratu, ndi K540,000 imene ndi msonkho wa pa K1,800,000 ya lole. Mfundo iliyonse inayamba ndi mawu a m'yankho lawo lomwe, kenaka umboni wathu wolembedwa manambala. K360,000 ya pa ndalama za ngolo ndi kabaza tinaivomera n'kuilipira, ndipo lisiti yake tinailumikiza ku kalatayo. Mfundo ziwirizo zinavomerezedwa, moti K990,000 inachotsedwa ndipo sitinafunikire kupita ku bwalo lomva madandaulo a misonkho.

Tsopano mnyamata wathu akamapita ku madimba amanyamula buku la mavocha, ndipo mwini ngolo aliyense amalemba dzina, mudzi, tsiku, kuchuluka kwa matumba ndi ndalama, n'kusaina kapena kudinda chala. Satifiketi ya sukulu ikafika ndimayamba ndaona TPIN ndisanaiike m'fayilo. Pangano la ngongole ya amalume, limene poyamba linali la pakamwa, tinalilemba n'kusainirana mwezi womwewo, ngakhale kuti palibe amene analifunsa.