Kugulitsa katundu kusukulu ku Joni: mapepala atatu amene amatulutsa ndalama

Ndimagulitsa mapepala olembera, inki ya makina osindikizira ndi zipangizo zokolopera kumasukulu ndi maofesi a kuno ku Joni, ndipo ntchitoyi yandionetsa kuti kupeza oda n'kosavuta kusiyana ndi kulandira ndalama zake. Munthu wozolowera malonda a pamsewu amapereka katundu ndi dzanja ili n'kulandira ndalama ndi dzanja linali, koma sukulu silipira chifukwa chakuti katundu wafika. Imalipira pamene mapepala atatu, oda, dilivale noti ndi invoisi, akunena chinthu chimodzimodzi.

Zoyambira ndinazimaliza ndisanapite kusukulu iliyonse. Ndinalembetsa kampani ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndinapeza nambala ya msonkho ku SARS, bungwe lotolera misonkho, kenako ndinatsegula akaunti ya kubanki m'dzina la kampaniyo. Ndinalembetsanso pa CSD, kaundula wa boma wa anthu ogulitsa katundu, amene amapereka nambala yoyamba ndi zilembo za MAAA, chifukwa madipatimenti a boma sagula kwa munthu amene mulibe m'kaundulayu. Dzina la pa akaunti liyenera kufanana ndendende ndi la pa invoisi, ndipo kugwiritsa ntchito akaunti ya m'bale wanu, monga ambiri a ife timachitira tikangofika kuno, kumatseka njira yonse.

Chitsanzo changa ndi sukulu ina yapulayimale ya kumwera kwa mzinda uno, imene inandipempha koteshoni ya mabokosi 40 a mapepala a A4. Ku hoselo ya ku Crown Mines bokosi linali R330, ine ndinalemba R400, zonse pamodzi R16,000. Katundu anandidyera R13,200 ndipo thiransipoti R600, choncho phindu linali R2,200. Pa koteshoni ndinalembapo kuti mtengowo ukhala kwa masiku 14 okha, chifukwa mitengo ya mapepala imasintha pamene komiti ya sukulu ikufananiza makoteshoni atatu.

Ahedi anandiimbira foni kuti koteshoni yavomerezedwa ndipo ndibweretse katundu msanga chifukwa mayeso ayandikira. Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Bwana, katundu alipo, koma ndingapemphe kuti oda yolembedwa ifike kaye kuti ndisadzavutitse a ku ofesi ya ndalama." Mawu a pafoni sakhala umboni, ndiponso ndalama za sukulu yaboma zimayang'aniridwa ndi komiti yoyendetsa sukulu, imene amaitcha SGB, osati ahedi okha. Oda yeniyeni imakhala ndi nambala, tsiku, kuchuluka kwa katundu, mtengo, siginecha ndi chidindo. Ikachokera kwa anthu amene sindikuwadziwa, ndimapita ndekha kapena kuimba nambala imene ndaipeza mwa ine ndekha, chifukwa kuli akuba amene amatumiza maoda abodza okhala ndi chizindikiro cha boma, n'kukuuzani kuti katunduyo amapezeka kwa munthu mmodzi yekha amene akufuna dipoziti.

Tsiku lopereka katundu ndi limene ndimasamala kwambiri. Ndinanyamula makope awiri a dilivale noti, olembedwa nambala ya oda pamwamba. Mlonda anadzipereka kusayina pageti kuti ndisataye nthawi, koma ndinadikira mayi kalaliki, tinawerengera limodzi mabokosi m'chipinda chosungiramo katundu, ndipo anatsegula awiri kuti aone ngati mapepala sananyowe. Atakhutira analemba dzina lawo lonse, anasayina, anaika tsiku ndi chidindo, ndipo kope langa ndinalijambula pafoni ndisanatuluke pageti. Mabokosi akanakhala 35, ndikanalemba 35 pa dilivale noti ndi pa invoisi pomwe, chifukwa kusiyana kwa bokosi limodzi kumachititsa kuti fayilo yonse iikidwe pambali popanda wokuuzani.

Invoisi ndinaipereka tsiku lomwelo, ili ndi dzina ndi adiresi ya kampani, dzina la sukulu, nambala ya invoisiyo, nambala ya oda, mitengo yofanana ndi ya pa koteshoni ndi akaunti ya kubanki. Kampani yanga sinalembetse VAT, choncho sindiwonjezera 15 peresenti ndipo sindilemba mawu akuti Tax Invoice. Amene analembetsa adziwe kuti kwa makampani ambiri SARS imawerengera msonkhowo kuchokera pa invoisi, kaya ndalama zalowa kaya ayi.

Malamulo a zachuma a dziko lino amati madipatimenti a boma ndi makhonsolo azilipira pasanathe masiku 30, ndipo sukulu zambiri ndi maofesi amalonjeza nthawi yomweyo. Koma masikuwo amayamba pamene invoisi yalandiridwa, osati pamene katundu wafika, ndipo invoisi ikabwezedwa chifukwa cha cholakwika, mumayambiranso kudikira. N'chifukwa chake ndimapempha chidindo cha tsiku lolandirira pa kope langa la invoisi. Popanda chidindo chimenechi simungathe kunena kuti achedwa.

Sukulu ija inachedwadi, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Sukulu zimene zinapatsidwa mphamvu pansi pa gawo 21 la lamulo la masukulu la 1996 zimagula zokha katundu, koma ndalama zochokera kuboma zimabwera kawiri pachaka, mu Meyi kenako mu Novembala, ndipo nthawi zina zimafika mochedwa. Kusukulu yosalipiritsa fizi, amene wapereka katundu mu Malichi angapeze akaunti ili youma ngakhale ahedi ali ndi mtima wabwino. Choncho ndikamatsatira ndalama sindifunsa kuti alipira liti, chifukwa yankho limakhala lakuti posachedwa. Ndinafunsa mayi kalaliki kuti, "Mayi, invoisi ija ili pa tebulo la ndani tsopano?" Anandiuza kuti ahedi asayina kale, msungichuma wa komiti ndiye watsala, ndipo ndalama za boma sizinalowe. Funso lotere limasiyanitsa vuto la mapepala, limene ndingalikonze lero lomwe, ndi vuto la kusowa ndalama, limene limafuna kudikira.

Kudikirako ndi kumene kumagwetsa anthu. R13,200 ija ikanakhala ya katapila wa 10 peresenti pamwezi, chiongoladzanja cha miyezi iwiri chikanakwana R2,640, kuposa phindu lonse. Pa chifukwa chimenechi sinditenga oda imene sindingathe kuipirira miyezi itatu ndi ndalama zanga, ndipo ndimasunga makasitomala ang'onoang'ono olipira pompopompo kuti lendi ndi chakudya zisadalire sukulu. Maofesi a makampani ndi sukulu zapulayiveti ndimawapempha theka la ndalama ngati dipoziti, koma boma kawirikawiri sililipira katundu asanafike.

Masiku 30 atadutsa ndinatumiza sitetimenti pamodzi ndi makope a mapepala atatu aja, ndipo mwezi wachiwiri utatha ndinalembera kalata wapampando wa komiti, yofotokoza ngongole ndi tsiku limene ndikuyembekeza malipiro. Atapempha oda yachiwiri ndinawauza modekha kuti ndidzaibweretsa yoyamba ikalipiridwa. Ndinapemphanso kuti andilembere kuvomera ngongoleyo, popeza ngongole yotere imatha mphamvu pakadutsa zaka zitatu ngati sinavomerezedwe kapena kupita kukhothi. Ndalama zanga zinalowa zonse ndalama za boma zitangofika kusukuluyo, ndipo ndisanalembe risiti ndinayang'ana kaye mu akaunti ya kubanki, chifukwa chikalata chosonyeza kuti alipira chimatha kufika ndalama zisanatuluke.