Nambala 14 yandidyera sabata yonse

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo, kuchonga ma kompozishoni a sitandade 8, choko chinatha tinakabwereka ku sitandade 6, basi zomwe zija mukuzidziwa. Nkhani ndi ya Lachitatu ndipo mpaka pano ndikaikumbuka mtima ukuwawabe.

Moko yayandikira ndiye ndinakonza wekishiti ya mawu osokoneza aja, mafunso 20. Asanu ndi atatu oyamba anali a their, there ndi they're, anayi a to, too, two, otsalawo affect ndi effect. Ndinalemba pamanja bwinobwino ndi kiyi yake yochongera, nkupereka ku ofesi kuti akatayipitse kwa mnyamata wa fotokope pa tiredingi paja poti pulinta yathu tona inatha temu yatha ndipo palibe akuyankhulapo. Ana ndili nawo 94, mapepala anabwera 32, akuti ndalama ndi yomweyo. Ndiye atatu pepala limodzi, mayankho aliyense mu kope lake.

Lachitatu m'mawa ndinapita ku maliro kwa aneba, kalasi ndinawasiyira amadamu anzanga amene amaphunzitsa masamu. Iwowo sindikuwada ayi, anapatsidwa kiyi nkuchonga motsata kiyi, ndi mmene tonse timachitira. Koma kiyi yotayipayo inali ndi ululu. Nambala 14 chiganizo chake chinali The drought will ____ the maize harvest, yankho ndi affect, koma pa kiyi panalembedwa effect. Komanso chitsanzo cha pamwamba penipeni, chomwe ana amayenera kuonera, chinatuluka kuti The boys lost there ball. Pepala lophunzitsa their ndi there likuyamba ndi kulakwitsa there, abale inu.

Nditabwera masana ndinangotenga kope la mtsikana wina amene amakhala kutsogolo, wofatsa koma Chingerezi amachimva. Pa 14 analemba affect, amuthetha ndi cholembera chofiira, ndiye pansi pake walemba kolekishoni kasanu ndi dzanja lake lokongola lija, will effect, will effect, mpaka kasanu. Ndinamufunsa kuti iwe sunaone kuti unakhoza? Akuti "ndinaona aphunzitsi, koma amadamu anati kiyi ikutero." Ndinasowa chonena. Mwana anali ndi yankho lolondola m'mutu, ife tamuchotsa nkumuikamo lolakwika, tamubwerezetsanso kasanu kuti likhazikike. Nditawerenga makope onse, 41 analemba affect nkulakwitsidwa, ndipo onsewo analemba kolekishoni yabodzayo.

Ndinapita kwa wotayipa uja nditalusa. Iyeyo osatekeseka, anangotembenuza kompyuta kundionetsa kuti "taonani bwana, palibe mzere wofiira ngakhale umodzi." Ndipo zoonadi panalibe. Mzere wofiirawo umagwira mawu amene mulibe mu dikishonale yake, ukalemba thier ukugwira pompo, koma there ndi liwu lenileni, effect ndi liwu lenileni, kungoti aima pamalo pa anzawo. Ndiye pepala la mawu amtunduwu ndi lomwe kompyuta singakuthandize kwenikweni, pafunika maso a munthu kuwerenga chiganizo chilichonse pamodzi ndi kiyi asanapange makope. Ku ofesi sanandionetse pulufu, anangoti nthawi yatha. Nditawadandaulira a hedi anati "ingokonzani pa bolodi aphunzitsi, za kusindikizanso iwalani." Chabwino.

Lachinayi ndinayamba ndi kupepesa kalasi yonse, ena anaseka poti sanazolowere mphunzitsi kupepesa. Ndinawauza athethe kolekishoni ya dzulo ija. Kenako ndinafuna ndidziwe zoona zake, chifukwa pa gawo la their ndi there ambiri anapeza 6 kapena 7 pa 8 ndipo ine sindinakhulupirire. Funso lililonse linali ndi mawu awiri okha osankhapo, ndiye ngakhale wongolotera amapeza pafupifupi theka, kuwonjezera apo atatu pa pepala limodzi amaonerana. Ndinati tsekani makope a dzulo, dikiteshoni, chiganizo chimodzi chokha: Their goats are over there and they're eating our maize. Amene analemba onse atatu molondola anali 11 basi. Ambiri analemba there katatu konse, ena they pa malo oyamba aja. Apa mpamene ndinaona kuti wekishiti yanga, ngakhale ikanatayipidwa bwino, imayesa mwayi osati sipelo.

Vuto lake nlakuti mawu atatuwa khutu silingawasiyanitse, ngakhale eni chiyankhulo amawatchula chimodzimodzi, ndiye kuwauza ana kuti mvetserani bwino nkutaya nthawi. Ndinalemba pa bolodi kuti mabuku awo, nkufunsa kuti zikutanthauza chani. Mbali ina akuti ndi mabuku a anthu enaake, mbali ina akuti ndi mabuku ali apowo, anakangana ndithu mpaka mnyamata wina kumbuyo anati zimatengera mmene wakwezera mawu. Ndinati eya, ife timalemba mofanana nkusiyanitsa ndi kamvekedwe, Chingerezi apa chimatchula mofanana nkusiyanitsa ndi kalembedwe. Apa nkhope zinayamba kumasuka.

Ndiye tinagwirizana kuti asanalembe aziyamba atembenuza kachidutswako m'Chichewa. Ngati pakutuluka zawo, yawo, lawo, ndiye their. Ngati pakutuluka uko, apo, kapena pali ndi kuli, ndiye there, ndipo mkati mwake muli here, onse ndi a malo. Ngati ungathe kuikapo they are chiganizo nkumvekabe ndiye ndi wa kachizindikiro kam'mwamba uja. Tinayesa pa mbuzi zija: mbuzi zawo, zili uko, zikudya. Atatu onse anatuluka okha popanda kulotera.

Za affect ndi effect nzosiyana pang'ono. Ana athu amatchula a ndi e momveka bwino, afekiti, efekiti, ndiye khutu silivuta kwenikweni, chovuta ndi ntchito ya liwulo. Affect ndi mneni, kukhudza. Effect ndi dzina, zotsatira. Ndinawauza ayang'ane liwu lomwe lili kumanzere kwa mpata. Pakakhala will, can kapena to, pakufunika mneni. Pakakhala the kapena an, pakufunika dzina, ngakhale patalowa mfotokozi pakati ngati a bad effect. Pa nambala 14 kumanzere kuli will, chilala chidzakhudza zokolola, nkhani yatha. Ndikudziwa kuti effect amakhalanso mneni monga mu to effect changes, kutanthauza kubweretsa kusintha, koma zimenezo sindinawauze dala ndipo chiganizo chotero sindingachiike pa pepala la sitandade 8, chimaphwanya lamulo lomwe mwana wangoligwira kumene. A sekondale mudzathana nazo.

Lachisanu ndinabwereza dikiteshoni ndi chiganizo china cha ana ndi njinga zawo, okhoza onse atatu anafika 38. Si zonyadira koma ndi bwinoko kusiyana ndi 11. Pa will affect ndiye pakadali ntchito, ena mwa 41 aja alembanso effect, kuphatikizapo mtsikana uja, anayamba walemba a nkufufuta nkuika e. Mapepala 32 aja ndawasonkhanitsa onse ndawatsekera mu kabati kuti asazungulire kwa a sitandade 7, ndipo a hedi akuti Lolemba ndipereke mafunso a moko akatayipitse kwa mnyamata yemwe uja. Ndawauza kuti ndipita nawo ndekha ndikakhale pambali pake mpaka amalize.