Lachiwiri, tsiku losakasaka h

Lero kumsika sindinapite. Tsiku lonse lathera pa chilembo chimodzi.

Mwana wanga ndi Mphatso, koma pa setifiketi yake yobadwira palembedwa Mpatso. Dzulo aphunzitsi ake a Sitandade 7 ndiwo anaona. Anati: "Mayi, konzani chaka chino, asanalembetse mayeso a Sitandade 8. Dzina likalowa molakwika kumeneko lidzamutsata mpaka pa chitupa cha unzika akadzakwana zaka 16." Wolakwa ndikumudziwa. Fomu ija kuchipatala anadzaza ndi bambo ake, ine ndili chigonere, ndipo zolemba zawo ngakhale eni ake amaziwerenga movutika. Iwo akukanabe.

M'mawa ndinalemba kalata ya masamba awiri, yoyambira pa tsiku limene matenda anandiyamba. Achemwali anga, amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki, anangoiwerenga theka n'kuibweza. Akuti wa ku ofesi ya kalembera safuna mbiri, amafuna apeze mwanayo m'kaundula ndi kuona pamene palakwika, basi.

Tinayambanso. Pamwamba deti ndi keyala yanga, kenako mutu wonena kuti ndikupempha kukonza dzina lolembedwa molakwika. Pansi pake nambala ya setifiketi, tsiku ndi malo obadwira, ndi dzina langa monga lilili pa chitupa changa. Kenaka mizere iwiri yoyima payokha, m'zilembo zikuluzikulu: lolembedwa ndi MPATSO, loyenera ndi MPHATSO. Tinawonjezera kuti chasowa ndi h pambuyo pa p, kuti wotayipa asachite kuganizira.

Pamene anandiimitsa kwambiri ndi pa mawu oti "kusintha". Ndinali nditalemba kuti ndikufuna kusintha dzina la mwana. Iwo anati ayi, kusintha dzina ndi nkhani ina, ya njira yakeyake yotalikirapo. Ine sindikusintha kanthu, ndikukonza cholakwika, ndipo umboni uyenera kuonetsa kuti dzinali linali lomweli kuyambira pachiyambi. N'chifukwa chake kabuku ka kusikelo kali ndi mphamvu kuposa lipoti la kusukulu la chaka chatha: kanalembedwa mwana ali wakhanda. Ndinakapeza pansi pa sutikesi, mphemvu zitadya ngodya, koma h alipo. Khadi la ubatizo nalonso lili bwino.

Ndinafunsa ngati sindingangolowetsapo h ndi bolopeni, poti mpata ulipo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Setifiketi yokhudzidwa ndi bolopeni imaoneka ngati yachinyengo.

Masana ndinakachita fotokope zonse, kawirikawiri. Mawa ndilawirira kwa DC ndi mapepala enieniwo m'chikwama, ndipo kalata inayo ndikapempha andidindire ndibwere nayo, kuti ndikamadzafunsa za pempholi ndidzakhale ndi deti m'manja.

Bambo ake ati andiperekeza. Ndawauza kuti bolopeni asiye kunyumba.